Musanamange mfundo ya ndalama, funsani kumene thukuta lipite

Chaka chatha mu Okutobala kunabwera mayi wina pamalo anga osokerapo kuno ku Mzuzu, atanyamula diresi lomwe anavala kuukwati ku Karonga. Anati: "Atelala, anandiuza kuti chitenjechi ndi kotoni weniweni, koma ndinapsa ngati ndili m'jumbo." Ndinakhudza nsaluyo, inalidi ya thonje. Nditalitembenuza ndinapeza chomwe chinawawotcha: m'kati monse, kuyambira pamapewa mpaka m'maondo, munali nsalu yoterera yonyezimira ija ya poliyesita, imene ambiri timangoitchula kuti nayiloni. Kotoni anali kunja kokaonetsa anthu, pomwe khungu lawo linkakhudzana ndi pulasitiki.

Thupi limadziziziritsa ndi thukuta, koma thukutalo limagwira ntchito pokhapokha likauma. Likamauma limachoka ndi kutentha kwa pakhungu, monga momwe madzi a mumtsuko wadothi amazizirira chifukwa mtsukowo umachita chinyezi kunja. Tsono nsalu yabwino nyengo yotentha ndi imene ikulola thukuta kuchoka pakhungu n'kupita mumpweya.

Ulusi wa thonje umamwa madzi m'kati mwake mwenimweni. Kilogalamu imodzi ya thonje louma imasunga chinyezi cha magalamu pafupifupi 80 chochokera mumpweya, koma mukaligwira simumva kunyowa. Kilogalamu ya poliyesita imasunga magalamu ngati 4 okha. Chifukwa chake n'chakuti poliyesita amapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi panthaka, ndipo ndi mtundu womwewo wa pulasitiki ya mabotolo a madzi akumwa. Mukavala shati ya kotoni, thukuta loyamba limalowa mu ulusi, khungu n'kukhala louma. Mukavala poliyesita wolukidwa mothinana, thukuta limasowa kolowera, limangoyenderera kumsana, nsalu n'kumamata. Izi n'zomwe zinawachitikira mayi aja.

Komatu thonje nalo lili ndi polekezera, ndipo izi ogulitsa ambiri satchula. Limamwa msanga koma limachedwa kuuma. Likakhuta thukuta limalemera, ulusi umafufuma, timipata topitira mpweya timachepa. Ife a ku Mzuzu timadziwa mmene nyengo yathu ilili: masana dzuwa, dzuwa likangolowa kamphepo. Munthu amene wanyowetsa tisheti ya kotoni masana ku Nkhata Bay, n'kukwera minibasi madzulo kubwerera kumtunda kuno, amafika akunjenjemera. N'chifukwa chake mnyamata wa kabaza wopalasa njinga tsiku lonse sindimuletsa kuvala jezi ya mpira, ngakhale ili ya poliyesita yekhayekha. Jeziyo ndi yopyapyala, ili ndi timabowo tambirimbiri, ndipo inalukidwa kuti thukuta lizifalikira pamwamba pa ulusi, mphepo ya panjinga n'kumaliumitsa. Vuto lake ndi fungo. Poliyesita amakana madzi koma amagwira mafuta a pakhungu, ndipo tizilombo tobweretsa fungo timakonda pamenepo. Jezi yotere imafuna kuchapidwa tsiku lomwelo ndi sopo wokwanira, makamaka kukhwapa.

Apa mwaona kale kuti dzina la ulusi palokha silimaliza nkhani. Kalukidwe ndi kulemera kwa nsalu n'zofunikanso chimodzimodzi. Jinzi ndi thonje, koma ndani angaiyamikire masana a Novembala ku Chiweta? Shati yoyenera kotentha imalemera magalamu apakati pa 100 ndi 130 pa nsalu ya mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, pomwe jinzi yokhuthala imapitirira 350. Kumsika kulibe sikelo yoyezera zimenezi, choncho ikwezeni nsaluyo kudzuwa muone ngati kuwala kukudutsa pang'ono, kapena iikeni pakamwa muuzire. Mpweya ukafika padzanja lanu kuseri, ndiye kuti udzafikanso pakhungu.

Nsalu zosakaniza zinabwera pofuna kutenga ubwino wa mbali zonse. Yofala kwambiri, ya mayunifomu a sukulu ndi mashati a kuofesi, imakhala ndi magawo 65 pa 100 a poliyesita ndi 35 a thonje. Simakwinyika kwambiri, imauma msanga ngakhale m'miyezi ya mawawa ya Juni ndi Julayi, ndiponso imapirira kuchapachapa. Kwa mwana wa sukulu kuno ku Mzuzu, amene ali ndi yunifomu imodzi yochapa madzulo n'kuvala m'mawa, ine ndimalangiza imeneyi mosakayika. Koma ngati mwanayo akuphunzira kunyanja, kapena inu mumagwira ntchito mutaimirira padzuwa, funani yomwe thonje lachuluka, magawo 60 kapena kuposa. Pa zovala za kaunjika manambalawa amalembedwa pa kansalu kakang'ono kapakolala kapena kam'mbali cham'munsi. Kawerengeni, ndipo ngati ndi diresi kapena jekete, onaninso zomwe alemba za nsalu yam'kati.

Zitenje za kumsika wa Taifa nthawi zambiri sizinena zimenezi, ndipo masiku ano zilipo za poliyesita zojambulidwa mokongola moti maso okha sangasiyanitse. Choyamba fumbatani kona ya nsalu m'dzanja, muwerenge mpaka khumi, n'kutaya. Thonje limatsala ndi makwinya, poliyesita amawongoka ngati sanakhudzidwe. Ena amadonthezera madzi kuti aone ngati alowa, koma njirayi imanamiza pa nsalu yatsopano, chifukwa sitachi ya kufakitale imaletsa madzi kulowa ngakhale pa thonje lenileni. Imathandiza nsalu ikachapidwa kamodzi.

Njira yomwe ine ndimaikhulupirira ndi ya moto, ndipo muziichitira kunyumba, panja, madzi ali pafupi. Sololani timaulusi tingapo m'mphepete mwa nsalu, mutigwire ndi kapani kapena sizasi, osati zala, n'kuyatsa ndi machesi. Thonje limayaka msanga, limanunkha ngati pepala lopsa, n'kusiya phulusa lofewa lotuwa lomwe limafumbutuka mukalitikita. Poliyesita amathawa moto, amafwanyalala, amasungunuka, nthawi zina ndi utsi wakuda, n'kusiya kampira kolimba kosaphwanyika. Nsalu yosakaniza imachita zonse ziwiri: phulusa lilipo, koma m'kati mwake mumamveka timibulu tolimba. Sololani ulusi wa mbali zonse ziwiri, woima ndi wopingasa, chifukwa nsalu zina mbali imodzi ndi thonje, inayo poliyesita. Kusungunuka komweku n'komwe kumandichititsa kupempha amayi ophika pambaula kuti asamamange chitenje cha poliyesita pamoto. Chikagwira moto chimamatirira pakhungu.

Mukapeza kuti ndi thonje, lichapeni musanapite nalo kwa telala. Thonje losachapidwapo limafupika ndi magawo 3 mpaka 5 pa 100, kutanthauza kuti mamita 4 akhoza kutaya masentimita 12 mpaka 20. Diresi losokedwa mothina lisanachapidwe limadzakana mwini wake, pamene kotentha timafuna chovala chotaya thupi pang'ono kuti mpweya uziyenda.

Diresi la mayi aja sitinalitaye. Ndinasomola nsalu yonyezimira yonse ija. Kumtunda sindinaikemo kanthu chifukwa chitenjecho chinali chosaonekera m'kati, ndipo kusiketi ndinaika kotoni woyera wopyapyala, mita imodzi ndi theka, nditamuchapa kaye. M'khwapa ndinamasula sentimita imodzi mbali iliyonse. Mu Disembala anabweranso ndi zitenje zina ziwiri, ndipo asanakhale n'komwe pansi anatulutsa m'chikwama timaulusi tomwe anasolola kunyumba, n'kundifunsa ngati ndili ndi machesi.