Mawu a pa khadi la agogo okhala okha

Pa ntchito yanga ya unamwino ndimayendera okalamba m'makomo mwawo, ku Ndirande, ku Chilomoni mpaka ku Bangwe. Nthawi zambiri agogo akamafuna buku lawo lakuchipatala, m'kajumbo komweko mumatulukanso khadi lakale la mphatso, lopindika m'makona. Shuga amene anabwera nalo anatha kalekale, koma khadilo likadalipo. N'chifukwa chake mnansi akandifunsa choti alembe popereka mphatso kwa agogo okhala okha, sindiyankha mothamanga.

Musanagwire bolopeni, dziwani kuti khadilo mwina adzawerenga ndi munthu wina, mokweza. Sukulu yapulayimale yaulere inayamba mu 1994, ndipo agogo ambiri, makamaka amayi, anakula asanakhalepo m'kalasi. Ena amadziwa kuwerenga koma ng'ala inawaphimba maso. Ndiye amaitana mwana wodutsa, kapena mnyamata amene amawatungira madzi, kuti awawerengere. Chilichonse chimene mwalemba, muyese kuti chamveka pabwalo. Ngati mwaika ndalama mu envulopu, musalembe kuti ndi zingati, ngakhale kutchula kuti zilimo, auzeni pakamwa. Musalembenso kuti "popeza mumakhala nokha". Agogowo akudziwa kale, ndipo kumva mawu amenewo m'kamwa mwa mwana wa eni kumapweteka. Komanso simudziwa amene akumvetsera kuseri kwa mpanda.

Tiyerekeze kuti ndi mu Juni, chiperoni chagwira Blantyre, ndipo mwagulira agogo a pafupi nanu bulangete ku Limbe. Ambiri amalemba chonchi: "Agogo, timakumverani chisoni kwambiri. Landirani kangachepeka. Mulungu akusungeni." Mtima wake ndi wabwino, koma taonani zimene zasowa. Palibe dzina la wopereka, ndipo kwathu kuno munthu wamkulu safulumira kufunda chinthu chimene sakudziwa kumene chachokera. Ndinapezapo bulangete latsopano lili m'pepala lake pansi pa bedi, mwini wake akugona ndi chitenje chimodzi, chifukwa mwana amene anatumidwa anangolisiya pakhonde. Mawu oti chisoni nawonso amasandutsa agogo wopemphetsa pamene sanapemphe kanthu.

Ine ndingalembe motere:

"Agogo aNaphiri, kwazizira. Landirani bulangeteli muzifunda usiku. Zikomo potiyang'anira ana tikapita kuntchito. Loweruka masana ndibwera tidzamwe tiyi. Ndine mwana wanu wa nyumba ya geti lobiriwira."

Mawu ake sakwana 30. Ayamba ndi dzina limene agogowo amaitanidwa nalo tsiku ndi tsiku. Ngati m'dera lanu amati anganga, lembani anganga. Ngati ndi abambo amene amakonda kutchulidwa ndi mfunda wawo, aPhiri kapena aBanda, tsatani zomwezo. Dzina loyamba la munthu wamkulu lisiyeni, ngakhale mukulidziwa. Kumapeto dzitchuleni mmene iwo amakudziwirani. Agogo ambiri sadziwa dzina lanu la pachiphaso, amakudziwani ndi dzina la mwana wanu kapena ndi nyumba yanu.

Chiganizo chothokoza chija ndicho mtima wa khadi lonse. Munthu amene analera ana, nalima, nadyetsa alendo moyo wake wonse, zimamulemera kumangolandira. Mukatchula chinthu chimodzi chenicheni chimene amakuchitirani, kaya kukuanulirani zovala mvula ikayamba, kaya kukuthyolerani nkhwani pakadimba kawo, mphatso ija imakhala kubweza zabwino, ndipo amailandira mutu uli m'mwamba. Chikhale choona. Chopeka amachizindikira msanga.

Pa lonjezo lobwera samalani kwambiri. "Tidzabwera tsiku lina" sikutanthauza kanthu. Koma mukalemba Loweruka, dziwani kuti agogowo adzasesa pakhomo m'mamawa, adzasamba, adzakhala pakhonde kuyang'ana kunjira. Ngati simukutsimikiza kuti mudzapezeka, chiganizocho chichotseni, khadilo lidzaimabe bwino.

Za kalembedwe n'zachidule. Gwiritsani bolopeni yakuda pa pepala loyera losanyezimira, zilembo zazikulu ngati chikhadabo cha kachala kakang'ono, chilichonse pachokha. Makhadi ogula m'sitolo, monga amene amachuluka Tsiku la Anakubala la pa 15 Okutobala likamayandikira, ambiri amakhala ndi ndakatulo yachingerezi ya zilembo zopotana. Lembani anu m'Chichewa mbali yopanda kanthu. Vesi ya m'Baibulo ikani pokhapokha mukudziwa chipembedzo chawo, poti anansi athu ena mu mzinda uno ndi Asilamu.

Mphatsoyo kaperekeni nokha, ndi manja awiri, mutakhala pansi. Mukatero funsani kuti, "Agogo, ndikuwerengereni?" Akavomera, werengani pang'onopang'ono mutayang'anizana nawo, kuti ngati makutu ayamba kuvuta aziona milomo yanu.