Gasi sachepetsa ntchito ya oyilo mu injini

"Galimoto yanga ndaiikitsa gasi wophikira. Oyilo sakudanso ngati kale, ndiye ndikhoza kumachedwa kumusintha eti?"

Ayi achimwene, musatero. Anthu ambiri akhala akunamizidwa ndi mtundu wa oyiloyo. Gasi akamayaka satulutsa mwaye wambiri ngati petulo, n'chifukwa chake mukazula kachitsulo koyezera mumapeza oyilo adakali wowala ngati uchi. Koma chimene chimatopetsa oyilo si mwaye wokha. Kutentha kumamuwotcha pang'onopang'ono, ndipo mankhwala amene anathiridwamo kuti athane ndi asidi amatha mwakachetechete, maso osaona kanthu. Choncho sinthani pa makilomita omwe aja amene buku la galimoto linanena, kulimba kwa oyilo kukhalenso komweko.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mavavu, tizitseko timene timalowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi mu injini. Gasi amalowa mu injini ali wouma, sawaziziritsa monga achitira petulo, ndiye mipando imene mavavuwo amakhalapo akatseka imadyeka msanga pa injini zina. Mpata wa mavavu ukachepa, injini imagwedera m'mawa ikazizira ndipo mphamvu imatsika. Makaniko aziyeza mpatawo.

Za ndalama, musayerekeze mtengo wa lita basi. Ulendo umene umadya malita 10 a petulo umafuna malita pafupifupi 12 a gasi.