Kusintha kumbuyo kwa zithunzi zambiri nthawi imodzi mu Photoshop

Wojambula amene wapatsidwa ntchito yokonza zitupa za ana asukulu 300 amadziwa kuti chimene chimadya nthawi ndi kuchotsa khoma limene laoneka kumbuyo kwa mwana aliyense n'kuikapo mtundu umodzi, monga woyera kapena wobiriwira, kuti zithunzi zonse zifanane. Kujambula kwenikweniko sikutenga nthawi yochuluka. Ngati chithunzi chimodzi chikutenga mphindi zitatu, zithunzi 300 zidya maola 15, ndipo pofika chakumapeto dzanja limakhala litatopa moti ntchito imayamba kuoneka yothamangira. Photoshop ili ndi njira yoloweza zimene munthu wachita pa chithunzi chimodzi n'kuzibwereza pa zotsalazo, ndipo njirayi, imene imatchedwa akishoni, imapezeka pa `Window > Actions`. Chofunika kuchimvetsa musanaiyambe ndi chakuti akishoni imabwereza zimene inaloweza popanda kuona ngati zikuyenerana ndi chithunzi chimene chatsegulidwa, choncho ntchito yaikulu imagona pa kufananitsa zithunzizo zisanalowe mu kompyuta.

Kufananaku kumayambira pojambula. Ana onse aime pamalo amodzi, kamera ikhale pa choikapo chake osasuntha, ndipo mwana atalikirane ndi khoma pafupifupi mita imodzi kuti mthunzi wake usagwere kumbuyo. Mtundu wa khoma uyenera kusiyana kwambiri ndi yunifolomu. Ndinaphunzira zimenezi movutikira pa sukulu ina pamene ndinajambula anyamata ovala malaya oyera patsogolo pa khoma lopakidwa laimu, ndipo pulogalamu inalephera kuona pamene phewa lathera, kotero kuti ambiri anatuluka mapewa atadyedwa ngati nsalu yolumidwa ndi makoswe. Nsalu yotuwa yopanda maluwa, yoongoledwa bwino ndi simbi, ikanandipulumutsa ku usiku wonse wokonza ndi manja.

Poloweza akishoni, yambani ndi kukopera zithunzi zonse mu fodala ina kuti zoyambirira zisakhudzidwe, kenako tsegulani chimodzi chimene chikuimira bwino zinzake, dinani `Create new action`, ipatseni dzina, ndipo dinani `Record`. Sankhani munthuyo ndi `Select > Subject`, lamulo limene linabwera mu Photoshop m'chaka cha 2018 ndipo limafufuza lokha pamene pali munthu pa chithunzi chilichonse. Ichi ndicho chimachititsa kuti ntchito yonseyi itheke, chifukwa mukasankha pozungulira munthu ndi dzanja, akishoni imaloweza malo enieni amene munadutsa, ndipo mwana wamtali wotsatira adzadulidwa mutu potengera msinkhu wa mnzake wamfupi. Mukatero, chepetsani malire ndi pikiselo imodzi kapena awiri, timadontho timene timapanga chithunzi, pa `Select > Modify > Contract`, kuti kamzere ka khoma lakale kasatsalire m'mbali mwa makutu ndi mapewa, ndipo afewetseni pang'ono ndi `Feather` wa 0.5. Dinani `Add layer mask`, lamulo limene limabisa kumbuyo m'malo mokufufuta, kenako ikani mtundu watsopano ndi `Layer > New Fill Layer > Solid Color`, n'kuutsitsira pansi pa munthuyo ndi `Layer > Arrange > Send to Back`. Apa imitsani kuloweza.

Pali chifukwa chotsitsira mtunduwo ndi lamulo m'malo modina leya, gawo la chithunzi limene mtunduwo wakhalapo, ndi kuikoka. Mukadina leya pamene akishoni ikuloweza, Photoshop imasunga dzina la leyayo, ndipo ikakumana ndi fayilo imene ilibe dzina lomwelo imaima n'kunena kuti lamulolo silikupezeka, ndipo mwina inu mwachoka kale pa kompyuta mukuganiza kuti ntchito ikuyenda. Manambala nawonso sasintha okha. Mapikiselo awiri ndi ochepa kwambiri pa chithunzi cha kamera cha mapikiselo 6000 m'lifupi, koma pa chithunzi chaching'ono chimene kholo latumiza pa foni, mapikiselo omwewo amadya nsonga za makutu. Zithunzi zosiyana kukula ziikidwe m'mafodala osiyana, ndipo fodala iliyonse ikhale ndi akishoni yake.

Pamene anthu ambiri amataya ntchito yawo ndi posunga. Lamulo la `File > Automate > Batch` limayendetsa akishoni pa fodala yonse, koma lili ndi misampha iwiri. Mukasankha `Save and Close` pa `Destination`, zithunzi zatsopano zimalembedwa pamwamba pa zoyambirira, ndipo palibe njira yozibwezera. Msampha wachiwiri uli pa kabokosi ka `Override Action "Save As" Commands`. Ngati munaloweza kusunga mkati mwa akishoni n'kulemba dzina la fayilo, koma kabokosiko simunakachonge, chithunzi chilichonse chidzasungidwa pa dzina limodzi lomwelo, ndipo pamapeto mudzapeza fayilo imodzi yokha, ya mwana womaliza. Ngati mwakachonga pamene mu akishoni mulibe sitepe yosunga, kompyuta idzatsegula ndi kutseka zithunzi zonse 300 osasunga ngakhale chimodzi. Ine ndimakonda kusaloweza kusunga konse, n'kugwiritsa ntchito `File > Scripts > Image Processor`, imene imalola kusankha akishoni pa `Run Action` ndipo imadzipangira yokha mafodala a JPEG ndi PSD. Mafayilo a PSD amadzaza malo, koma amasunga chobisira kumbuyo chija, choncho chithunzi chimene chalakwika chimakonzedwa ndi burashi m'mphindi imodzi popanda kuyambiranso. Kumbukiraninso kuti JPEG sisunga malo oonekera, kotero ngati wosindikiza zitupa akufuna munthu yekha wopanda kumbuyo, fayilo iyenera kukhala PNG.

Musathamangire kuyendetsa fodala yonse. Sankhani zithunzi khumi, ndipo muzisankhe dala zovuta: mtsikana wa tsitsi loluka lokhala ndi mipata, mwana wovala magalasi, wina amene anapendeketsa mutu, ndi wina amene mnzake anasuzumira m'mbali mwa chithunzi, popeza `Select > Subject` ikhoza kumutenga nayenso ngati mbali ya munthu wofunikayo. Zikatuluka, zikulitseni kufika pa 100% ndipo muyang'ane malo atatu: m'mphepete mwa tsitsi, kampata ka pakati pa mkono ndi thupi kumene khoma lakale limakonda kutsalira, ndi m'khosi. Kumbuyo koyera kumabisa zolakwika zowala, choncho poyesa ndi bwino kuika kaye mtundu wofiira kwambiri, umene umaonetsa msanga paliponse pamene malaya adyedwa kapena khoma latsalira.

Cholakwika china sichichoka ndi kudula bwino. Mwana akaima pafupi ndi khoma lobiriwira, kuwala kobwerera kuchokera ku khomalo kumapaka mtundu wake pa masaya ndi m'mapewa, ndipo mukamuika pa kumbuyo koyera, kubiriwirako kumaonekera kwambiri. `Decontaminate Colors` ya mu `Select and Mask` imathandiza m'mphepete mokha, koma sifika pakati pa tsaya. Zithunzi zoterezi, pamodzi ndi zina zimene zalephera, ziikeni mu fodala yakeyake kuti muzikonze ndi manja, ndipo powerengera kasitomala tsiku lodzatenga zitupa, nthawi yoyang'ana chithunzi chilichonse ndi maso ilowemo, chifukwa akishoni imamaliza mwakachetechete ngakhale pamene yadula khutu la mwana.