Mwatchula za ukwati, mnzanu wazizira: mudziwa bwanji chomwe chachitika?

Pa ntchito yanga ya uphungu wa mabanja pali chiganizo chimene ndachimva kambirimbiri: "Zonse zinkayenda bwino mpaka tsiku limene ndinafunsa." Funsolo limakhala la ukwati kapena la mwana. Wofunsayo amabwera kwa ine atadziweruza kale kuti analakwitsa kufunsa, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa munthu amene wapereka zaka zake pachibwenzi ali ndi ufulu wodziwa kumene ulendowo ukulowera.

Ndikufotokozereni za mtsikana wina wazaka 29, mphunzitsi wa kupulayimale, yemwe anali pachibwenzi ndi mnyamata wokonza magetsi kwa zaka zitatu. Lamlungu lina akuchokera kutchalitchi anamufunsa kuti, "Kodi kwathu mudzakaonekera liti? Amalume ayamba kundifunsa." Mnyamatayo anaseka pang'ono n'kuyankha kuti, "Tikambirana." Kuchokera tsiku limenelo foni ya usiku uliwonse inasanduka uthenga wa mawu awiri pa WhatsApp. Loweruka, lomwe ankabwera ndi kanyama n'kudzadyera limodzi nsima, linayamba kukhala ndi maganyu osatha. Pamene mtsikanayo ankafika kwa ine n'kuti patatha masabata atatu, ndipo anali atawerenga mauthenga awo akale onse kufunafuna pamene analakwitsa.

Sindinayambe ndi kumuuza maganizo a mnyamatayo, popeza mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Ndinamupatsa pepala kuti alembe zinthu zimene mnyamatayo ankachita funso lisanafunsidwe, zimene wasiya, ndi zimene akuchitabe. Ntchito imeneyi imaoneka yachibwana koma imathandiza kwambiri. Munthu amene ali ndi nkhawa amaona chilichonse ngati chizindikiro: mnzake akachedwa kuyankha ndi ola limodzi, basi wandisiya. Pepala limakubwezerani ku zimene zachitikadi. Nthawi zina mumapeza kuti kusinthako kunayamba miyezi iwiri funso lisanabwere, ndipo funsolo munalifunsa chifukwa mtima unali utamva kale kuti pali china chake. Nthawi zinanso mumapeza kuti wasintha ndinu, mwayamba kuyankha mwachidule podikira kuti iye ayambitse nkhani, ndipo aliyense akuona ngati mnzake ndiye wazizira.

Pepala la mtsikanayu linasonyeza chinthu chimene iye sanachione. Mnyamatayo anasiya kuimba foni usiku ndiponso kubwera Loweruka, nthawi zomwe nkhani yaitali ikanatha kubuka. Koma mayi a mtsikanayo atadwala sabata yachiwiri, iye ndi amene anapeza galimoto yowatengera kuchipatala, ndipo anadikira panja mpaka madzulo. Apa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu kumene ndimakuyang'ana. Pali munthu amene akuthawa nkhani, ndipo pali wina amene akuthawa inuyo. Wothawa nkhani amazemba malo ndi nthawi zokambirana, koma mavuto anu akumukhudzabe, anzake akukudziwanibe ngati mlamu wawo, ndipo mukakumana amaoneka wolemedwa, osati wonyansidwa. Wothawa inuyo amachotsa dzanja lake paliponse. Amayamba kuona zolakwa zimene zaka zonsezi sankaziona, kaya ndi kavalidwe kanu, kaya ndi abale anu, n'kumayambitsa mikangano pa zinthu zazing'ono kuti mutope n'kuchithetsa nokha chibwenzicho, mlandu usakhale wake.

N'chifukwa chiyani munthu wokukondani angathawe nkhani ya ukwati? Kwathu kuno mawu akuti "mudzakaonekera liti" ndi olemera kuposa mmene wofunsayo amaganizira. Akutanthauza kuti mnyamata apite kwa amalume ake kukaulula, amalumewo akakumane ndi akuchikazi, ankhoswe asankhidwe mbali zonse ziwiri, ndipo kuyambira pamenepo chibwenzicho si cha anthu awirinso. Akutanthauzanso ndalama za chinkhoswe, ndipo kumadera kumene amalowola, monga kumpoto kapena ku Nsanje, pali malowolo. Mnyamata woyamba kubadwa amene akulipirira azibale ake sukulu amatha kumva funsoli ngati ngongole imene yamupeza alibe kanthu m'thumba, ndipo ambiri analeredwa kuti mwamuna sanena kuti "ndilibe." Amangokhala chete.

Koma chifukwa chimene ndimakumana nacho kawirikawiri, chomwe anthu sachiganizira, n'chakuti ukwati umafukula zobisika. Amalume akadziwa, adzatchula mwana amene ali kumudzi, kapena mkazi amene sanasudzulidwe bwinobwino. Mipingo yambiri imalimbikitsa kuti anthu akayezetse magazi asanadalitse ukwati, ndipo amene akuopa zotsatira, kapena amene akumwa kale ma ARV mwamseri, amanjenjemera akamva za ukwati. Nkhani ya mwana nayo ili ndi mantha ake. Mwamuna amene banja lake loyamba linatha popanda mphatso amakhala ndi funso limene sanauzepo munthu. Ndipo si amuna okha amene amazizira. Ndalandirapo anyamata odandaula kuti chibwenzi chawo chinasintha atangonena kuti akufuna mwana, kenaka n'kupezeka kuti mtsikanayo anapitapo padera ndipo chilonda cha mumtima sichinapole, kapena akuopa kuti mimba imudulira maphunziro amene akulipira yekha. Zonsezi zikhoza kukambidwa. Chosatheka kuchikonza ndi munthu amene sanaganizepo zokukwatirani, amene chibwenzicho chinkamukomera chifukwa chinalibe mawa.

Kunja, anthu onsewa amaoneka chimodzimodzi sabata yoyamba. N'chifukwa chake sindilangiza munthu kugamula pa kuzizira kokhako. Chimene chimawasiyanitsa ndi kukambirana kwachiwiri, ndipo kumafunika kukukonzekera.

Mtsikana uja ndinamuuza kuti asalembe uthenga wautali pafoni, chifukwa uthenga umawerengedwa ndi mawu amene wowerengayo akuwaopa. Asankhe masana, malo oti palibe wothamangira kwina, osati kuchipinda ndiponso osati pakati pa mkangano wina. Ayambe ndi zimene waona, popanda kuweruza, kenaka afunse funso limodzi lokha n'kukhala chete, ngakhale chetecho chitalike bwanji. Tinayeserera limodzi mpaka anapeza mawu ake: "Chifunsireni za kwathu, simukuimbanso usiku ndipo Loweruka simukubwera. Sindikukukakamizani tsiku la ukwati. Ndikufuna kudziwa chimene chinakulemerani pa funso lija."

Pomvera yankho, musatengeke ndi kukoma kwa mawu. Onani ngati chifukwa chimene wapereka chili ndi dzina ndi malire. "Mng'ono wanga amaliza Folomu 4 chaka chino, ndikamaliza fizi yake tiyambe" ndi yankho loti mukhoza kuligwira, ndipo nthawi ikakwana mudzaona ngati linali loona. "Nthawi yake sinakwane," "zinthu zikadzayenda," "bwanji ukufuna kuwononga zinthu zabwinobwino" ndi mayankho opanda pogwira, ndipo amene amayankha choncho chaka chino adzayankhanso chimodzimodzi chaka chamawa. Mukatero pemphani kanthu kamodzi kakang'ono kosafuna ndalama: kuti akudziwitseni kwa mchemwali wake wamkulu, kapena auze amalume ake kuti pali munthu, kapena mupite limodzi kukayezetsa. Amene vuto lake ndi ndalama zokha savutika kuchita zimenezi, kawirikawiri amapepukidwa kumene. Amene akukana ngakhale chaulerecho, vuto lake si ndalama.

Anthu amandifunsa kuti adikire nthawi yaitali bwanji. Palibe muyeso wa aliyense, koma maganizo anga ndi akuti pachibwenzi cha zaka, mwezi umodzi kapena iwiri ndi wokwanira kuti munthu wamkulu anene ngati akufuna kapena sakufuna. Tsiku la ukwati likhoza kudikira, koma yankho la "kodi ukundifuna pa moyo wako" silifuna chaka. Malirewo muwadziwe mumtima mwanu, ndipo musawopseze kuti muchoka ngati simunakonzeke kuchokadi, chifukwa mukabwerera mawu anu amapepuka.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amachita pa nthawi yodikirayi zomwe ndimaona mapeto ake pakapita zaka. Choyamba ndi kusiya kulera mwakachetechete, kulumpha jakisoni wa miyezi itatu uja kapena kusiya mapilitsi, poganiza kuti mimba imufulumizitsa. Lamulo la ana la 2010 limakakamiza kholo lililonse kusamalira mwana wake, koma palibe khoti limene lingalamule munthu kukukondani, ndipo mwanayo amabadwira mu mkangano umene sanauyambitse. Chachiwiri ndi kungolowana kuti mwina akazolowera adzapita kwa makolo. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa anthu amene akhala limodzi ngati banja, koma khoti ndi limene limagamula zimenezo, ndipo ubwenziwo uyenera kukhala utatha zaka zosachepera zisanu. Zinthu zikasokonekera chaka chachiwiri, mumapezeka mulibe ankhoswe oti mukawadandaulire, ndipo funso lija limakhala lisanayankhidwebe.

Ndinene padera za kusintha kwa mtundu wina. Ngati kutchula ukwati kapena mwana kwabweretsa kuwopseza, kumenya, kukulandani foni, kapena kukukakamizani kutenga mimba kapena kuichotsa, imeneyo si nkhani yodikira mwezi. Uzani wachibale amene mumamudalira, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza.

Mphunzitsi uja anabweranso patatha masiku khumi. Anati atafunsa funso lake, mnyamatayo anakhala chete nthawi yaitali akutembenuza kiyi m'manja, kenaka anati, "Pali chimene sindinakuuzeni. Ndili ndi mwana wazaka zinayi kumudzi. Amalume akudziwa, ndipo ndikanangopita kwa iwo, mukanamva kwa anthu ena." Ankatumiza ndalama mwezi uliwonse, ndipo maganyu ena a Loweruka aja anali maulendo a kumudziko, kukafunsa mayi ake mmene angaululire.

Mtsikanayo analira mu ofesi mwanga, ndipo chimene chinkamuliza kwambiri si mwanayo koma zaka zitatu zobisiridwa. Ndinamuuza kuti funso latembenuka tsopano: poyamba ankafunsa ngati mnyamatayo akumufuna, pano ndi iye woyenera kuona ngati angamange banja ndi munthu amene anatha kusunga chinthu chotere nthawi yonseyo. Tinalemba zoti akazitsimikizire yekha asanauze amalume ake: ngati mayi wa mwanayo anakwatiwapo ndi mnyamatayu mwamwambo, ngati nkhaniyo inatha pamaso pa ankhoswe, ndi mmene chisamaliro cha mwanayo chidzayendere akadzalowa m'banja. Sabata yotsatira mnyamatayo anamutengera kwa mchemwali wake wamkulu, ndipo mchemwaliyo anayankha mafunso onse atatu mnyamatayo ali pomwepo. Za chinkhoswe mtsikanayo anapempha kuti zidikire kaye mpaka akamuone mwanayo ndi maso ake pa tchuthi chotsatira.