Ndalama za naiti ndi ovataimu sizinabwere: kalata yake mungailembe bwanji?

"Ndine nesi pa chipatala china cha pulaiveti kuno ku Lusaka. Mwezi wa Okutobala 2024 ndinagwira manaiti asanu ndi anayi, ndipo anandiitananso pa holide, koma pa peyisilipi palibe chinaoneka. Kalata ndiyambire pati?"

Sisita, musanagwire cholembera siyanitsani kaye ngongole ziwiri, chifukwa ambiri amazisakaniza ndipo kalata yawo imafera pomwepo. Alawansi ya naiti ndi ndalama ya kugwira usiku, ndipo mtengo wake uli mu kontilakiti yanu kapena m'pangano la yuniyoni ndi olemba ntchito. Ovataimu ndi ya maola opyola muyezo, kaya munagwira usana kaya usiku. Lamulo la ntchito la 2019, lija la Employment Code Act, limati wopyola maola 48 pa sabata alipidwe mtengo wa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse lopyolalo. Choncho naiti ya maola 12 siyisanduka ovataimu chifukwa choti kunja kunali mdima. Mungagwire manaiti anayi pa sabata, maola n'kukwana 48 ndendende, ovataimu n'kukhala palibe, koma alawansi ya manaiti anayiwo ikhalabe yanu.

Mukatero pitani kwa sisita inichaji mukapemphe kujambula rosita ya mweziwo ndi masamba a buku losainira pofika ndi poweruka. Chitani zimenezi msanga. Ndinaonapo rosita ya pa wodi ina yolembedwa ndi pensulo, yofufutidwa mpaka pepala kubooka pa tsiku lomwe anthu awiri anasinthana shifiti, ndipo patatha miyezi itatu panalibe wokumbukira amene anagwira usiku umenewo.

"Nanga maola ndi ndalama ndiziwerengere bwanji?"

Werengani sabata ndi sabata, osati mwezi wonse pamodzi. Tiyerekeze kuti besiki yanu ndi K6,240. Lamulo lomwelo limati mtengo wa ola umapezeka pogawa besiki ya mwezi ndi maola 208, ndiye apa ola limodzi ndi K30. Onetsetsani kuti mwatenga besiki yokha, osaphatikizapo ndalama za nyumba kapena za thiransipoti, chifukwa mukaphatikiza a akaunti adzaona cholakwikacho n'kukubwezerani kalata yonse. Ola la ovataimu likhala K45.

Tinene kuti munalowa naiti kuyambira Lolemba pa 7 mpaka Lachisanu pa 11 Okutobala, 19:00 mpaka 07:00. Amenewo ndi manaiti asanu, maola 60. Chotsanipo 48, atsala 12, ndipo 12 kuchulukitsa ndi K45 ndi K540. Sabata ya pa 28 mpaka pa 31 munagwira manaiti anayi, maola 48, ovataimu palibe. Ilembeni ndithu m'kalatamo n'kunena nokha kuti palibe chopyola. Munthu wowerenga akaona kuti simukukokera paliponse, amayamba kukhulupirira manambala enawo.

Pa 24 Okutobala, tsiku la ufulu, rosita imasonyeza kuti munali pa ofu, koma anakuimbirani foni mukagwire kuyambira 08:00 mpaka 16:00. Holide kapena tsiku lopuma lomwe silili m'sabata yanu ya ntchito limalipidwa kawiri, ndiye maola 8 pa K60 ndi K480. Mawu akuti "lomwe silili m'sabata yanu" ndi amene amakanganitsa anthu a mashifiti, n'chifukwa chake rosita yosonyeza ofu ija ndi umboni wofunika kuposa foni imene munalandira. Kenako alawansi ya naiti: ngati kontilakiti yanu imati K50 pa usiku, manaiti asanu ndi anayi ndi K450. Zonse pamodzi K1,470, msonkho usanadulidwe.

Pali msampha umodzi. Zipatala zina zimachotsa ola lopuma pa shifiti iliyonse, ndiye maola 60 aja amasanduka 55, ovataimu n'kutsika kuchoka pa maola 12 kufika pa 7. Werengani kontilakiti muone. Ngati munali nokha pa wodi usiku wonse osapuma, lembani zimenezo, ndipo tchulani kuti buku la lipoti la wodi likuchitira umboni.

"Kalatayo imveke bwanji? Ndakwiya, ndipo ndikuopa kulemba zonyoza."

Mkwiyowo mukauuze anzanu pa tiyi. Kalata mudzailemba m'Chingelezi monga mwa maofesi athu, yopita kwa mkulu woyendetsa chipatala kapena wa ofesi ya antchito, kudzera kwa inichaji wanu ndi mkulu wa manesi. Pamwamba pakhale dzina lanu, nambala yanu ya pantchito, wodi ndi deti. Mfundo zake zikhale motere:

"Ndikupempha kuti mundilipire ndalama za naiti ndi ovataimu za mwezi wa Okutobala 2024 zomwe sizinaoneke pa peyisilipi yanga. Kuyambira pa 7 mpaka pa 11 ndinagwira manaiti asanu, 19:00 mpaka 07:00, maola 60, opyola 12: K540. Pa 24, tsiku la holide lomwe ndinali pa ofu, ndinagwira 08:00 mpaka 16:00 popemphedwa ndi inichaji, maola 8: K480. Kuyambira pa 28 mpaka pa 31 ndinagwira manaiti anayi, maola 48, opyola palibe. Alawansi ya manaiti asanu ndi anayi molingana ndi kontilakiti yanga: K450. Zonse ndi K1,470. Ndaikapo makope a rosita, buku losainira ndi peyisilipi. Ndikupempha kuti zilowe m'malipiro a mwezi uno, kapena mundiyankhe polemba pasanathe masiku 14."

Masiku 14 amenewo ndi anu oika nokha, si a lamulo, koma amathandiza kuti mudziwe tsiku lolemba kalata yachiwiri. Naiti imadumpha madeti awiri, choncho gwiritsani deti lolowera paliponse, monga mmene rosita imachitira. Dzina la wodwala lisapezeke m'kalatamo, ndipo musajambule faelo ya wodwala kuti ikhale umboni. Mungapambane K1,470 n'kudzipalira mlandu woulula zinsinsi za odwala.

Pangani makope awiri. Popereka, wolandira adinde chidindo ndi deti pa kope lanu. Ku maofesi kalata zimasowa modabwitsa, makamaka zopempha ndalama.

"Ine ndili m'boma. Ndichitenso chimodzimodzi?"

Kalembedwe ndi komweko, koma mitengo musatenge pa chitsanzo changa. Maalawansi a antchito a boma amachokera m'pangano la mayuniyoni ndi boma, ndipo malipiro amadutsa ku PMEC, nthambi yoyendetsa malipiro a antchito a boma, kotero nthawi zambiri vuto limakhala loti dzina lanu silinalowetsedwe kapena linachotsedwa mutasamuka wodi kapena chipatala. Ikani peyisilipi yomaliza yomwe inali ndi alawansiyo pamodzi ndi yoyamba yomwe ilibe, ndipo funsani ofesi ya antchito ngati anatumiza dzina lanu.

"Akapanda kuyankha?"

Lembani yachikumbutso yotchula deti la yoyamba ija, kope lipite kwa woimira yuniyoni ngati muli membala. Ikakhalanso chete, tengani mapepala onse mupite ku ofesi ya leba ya Unduna wa Zantchito, komwe angaitane olemba ntchito anu. Khoti la milandu ya ntchito, lomwe ndi gawo la Khoti Lalikulu, lilipo, koma dandaulo limayenera kufika pasanathe masiku 90 kuchokera pomwe njira za kuntchito zathera, ndiye deti la yankho lawo lomaliza mulilembe penapake. Pakadali pano musaleke kulowa shifiti mwa inu nokha pofuna kuwakakamiza, chifukwa kujomba kumawapatsa mlandu wina wokusumirani, ndipo nkhani ya K1,470 ija imakwiririka pansi pake.