Buloko ya mtima pa ECG: yambani mwapeza ma P onse

Anthu ambiri akapatsidwa kapepala ka ECG, kamene kamajambula mmene magetsi a mu mtima akuyendera, maso amathamangira pa timizere tatitalitali tosongoka tija, ma QRS, chifukwa ndi amene amaoneka msanga. Koma ngati funso lili loti kodi magetsi a mu mtima akudutsa bwino kuchoka ku zipinda zam'mwamba kupita ku zipinda zam'munsi, yankho lili pa kachitunda kakang'ono kamene kamabwera QRS isanafike, kotchedwa P. Mitundu yonse itatu ya buloko, kutanthauza kuchedwa kapena kutsekeka kwa magetsi panjira imeneyi, imasiyanitsidwa poona mmene P ndi QRS akukhalirana, basi.

Magetsi amayambira m'mwamba mwa mtima, zipinda zam'mwamba nkufinya, papepala nkuoneka P. Kenako amafika pa kamfundo kali pakati kotchedwa nodi ya AV, pamenepo amachedwetsedwa pang'ono mwadala kuti magazi ayambe atsikira m'munsi, ndiye nkudutsa mu timitsempha ta magetsi kukafika ku zipinda zam'munsi, izo zikafinya ndiye QRS ija, ndipo kugunda kumene mumakumva pa mkono kumachokera pamenepo. Nthawi yochokera pomwe P yayambira kufika pomwe QRS yayambira ndi imene timaitcha PR.

Pepala nthawi zambiri limayenda pa 25 mm/s, ndipo yang'anani kaye m'munsi mwa pepalalo kuti mutsimikize, chifukwa makina ena amatcheredwa pa 50 ndiye zonse zimaoneka zotalika kawiri munthu nkumuopseza ulele. Pa 25, kabokosi kakang'ono ndi masekondi 0.04, bokosi lalikulu lili ndi timabokosi 5 ndiye ndi masekondi 0.20. PR yabwinobwino imakhala timabokosi 3 mpaka 5. Mzere wautali wa m'munsi uja, kawirikawiri wa II, ndi umene timawerenga, ndipo ma P akamavuta kuoneka V1 imathandiza, II ndi V1 ndi mayina a mbali zimene makina amajambulira mtima.

Digiri yoyamba siivuta. P iliyonse ili ndi QRS yake, palibe yosowa, kungoti PR yapitirira timabokosi 5 ndipo ndi yofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto kwa mzere. Palibe chimene chatsekeka, magetsi akungochedwa. Timaiona mwa othamanga, mwa okalamba, mwa amene akumwa mankhwala ochedwetsa mtima ngati atenololo, verapamilo kapena digokisini, ndipo ambiri samva kanthu. Komabe mwa mwana amene akutentha thupi ndi kutupa m'mfundo patapita masabata angapo atadwala zilonda zapakhosi, PR yotalika ine sindimaipeputsa, imatha kukhala chimodzi mwa zizindikiro zoti nthendayo yakhudza mtima.

Pa digiri yachiwiri ma P ena amadutsa ena ayi, ndiye penapake mupeza P ili yokhayokha popanda QRS pambuyo pake. Apa mpamene pamafunika kufatsa chifukwa pali mitundu iwiri yooneka ngati yofanana koma kuopsa kwake nkosiyana kwambiri. Mtundu woyamba, Mobitz I, umene ambiri amangoti Wenckebach potengera dokotala amene anaufotokoza mu 1899 pongotsatira kugunda kwa mitsempha, PR imanka nitalika, mwina timabokosi 5, kenako 7, kenako 8, kenako P yopanda QRS, ndiye nkuyambiranso pa 5. Ma QRS amaoneka ali m'timagulu, atatu kenako mpata, atatu kenako mpata. Nthawi zina kutalikako kumakhala kwapang'onopang'ono moti ndi maso simungakuone, ndiye njira yake ndi iyi, yezani PR yomaliza QRS isanasowe ndi PR yoyamba itangosowa. Ngati ya pambuyo pa mpata ili yaifupi, ndi Wenckebach. Vuto limakhala mu nodi ya AV mwenimwenimo, ngati munthu wonyamula katundu amene akunka natopa mpaka atula pansi, napuma, nkunyamulanso ali ndi mphamvu. QRS imakhala yopyapyala, osafika timabokosi 3, ndipo mwa wachinyamata wathanzi amene ali mtulo zimachitika popanda vuto lililonse.

Mobitz II ndiye ina. PR siisintha ngakhale pang'ono, 4, 4, 4, kenako mwadzidzidzi P yopanda QRS, ndipo PR yotsatira ndi 4 yomweyo. Apa chovulala chili m'munsi mwa nodi, mu timitsempha tija topita ku zipinda zam'munsi, nchifukwa chake QRS nthawi zambiri imakhala yotambalala, timabokosi 3 kapena kuposa. Iyi siichenjeza, imatha kusanduka buloko yathunthu nthawi ina iliyonse munthu nkugwa, ndiye ngakhale wodwala akuseka nanu bwinobwino ameneyo ngofunika kumuyang'anira pa makina ndipo ambiri amathera pa pesimeka, kamakina koikidwa pansi pa khungu pachifuwa kuti kazigunditsa mtima. Atropini, mankhwala ofulumizitsa mtima amene amathandiza pa Wenckebach, apa osamudalira, amagwira pa nodi pomwe vuto lili m'munsi mwake, mwinanso amangofulumizitsa ma P nkuchulutsa osadutsa.

Pali zinthu ziwiri zimene zimapusitsa anthu apa. China ndi pomwe P imodzi ikudutsa yotsatira ayi, 2:1, mzere wonse. Mulibe ma PR awiri otsatizana oti muyerekeze ndiye simungalumbire kuti ndi I kapena II, mumangolemba 2:1, ngakhale QRS yotambalala imakupangitsani kukayikira zam'munsi, ndipo mzere wautali umatha kuulula pomwe mwina ma P awiri adutsa motsatizana. Chinanso ndi P yobwera msanga nthawi yake isanakwane, imapeza nodi isanakonzeke nkukanika kudutsa, pamakhala mpata ndithu koma imeneyo si Mobitz II. Pa buloko yeniyeni P yosadutsayo imafika pa nthawi yake ndendende.

Digiri yachitatu palibe P ngakhale imodzi imene ikudutsa. M'mwamba mukugunda paokha, m'munsi mwadzipezera kamalo kena koyambitsa magetsi kuti munthu asafe, ndipo kamaloko nkaulesi. Kakakhala pafupi ndi nodi kamagunda 40 mpaka 60 pa mphindi QRS ili yopyapyala, kakakhala m'zipinda zam'munsi mwenimweni ndi 20 mpaka 40 QRS yotambalala, ndipo kotereka kamatha kungoima.

Tiyerekeze mayi wachikulire wabwera ndi chizungulire, dzulo anakomoka kanthawi kochepa nkudzuka yekha, ndipo mwatenga mzere wa II. Yambani ndi ma QRS. Pakati pa iliyonse pali mabokosi akuluakulu 8, osasintha, ndipo poti pa mphindi imodzi pamadutsa mabokosi akuluakulu 300, 300 kugawa ndi 8 ndi pafupifupi 38 pa mphindi, ndipo ndi otambalala timabokosi 3 ndi theka. Tsopano tengani kapepala koyera, ikani m'mphepete mwake pa mzerewo, chongani ma P awiri otsatizana ooneka bwino. Mwapeza kuti atalikirana mabokosi 3 ndi theka, ndiye kuti m'mwamba mukugunda cha m'ma 86. Sunthani kapepalako mzere wonse, paliponse pomwe chochonga chagwera payenera kukhala P, ndipo apa mpamene mumaona zimene maso anadumpha, T ina, kachitunda kobwera pambuyo pa QRS, ili ndi kanundu kosiyana ndi anzake chifukwa P yakhala pamwamba pake, QRS ina ili ndi kamchira kachilendo chifukwa P yabisala kumapeto kwake. Ma P obisalawa ndi amene amachititsa kuti anthu awerenge molakwika, amangowerenga ooneka poyera nkuganiza kuti ndi ochepa.

Ndiye yezani kuchoka pa P yomaliza QRS isanafike kufika pa QRS iliyonse. Yoyamba timabokosi 5, yachiwiri 10, yachitatu 15. Wina apa afuula kuti Wenckebach, PR ikutalika eti. Ayi, dikirani. Yachinayi ndi timabokosi 2 ndi theka, yachisanu 7 ndi theka, ndipo chachikulu nchakuti ma QRS sanasunthe pa mabokosi 8 aja. Pa Wenckebach QRS imatsatira P, ndiye PR ikasintha QRS imasunthanso ndipo pomwe yasowa pamatsala mpata, mzere sungakhale wofanana chonchi. PR ikusinthasintha koma ma QRS akugunda mofanana ngati palibe chikuchitika, ndiye kuti sakumvera P iliyonse, kutalika kumene munakuona kuja kunangochitika poti 86 ndi 38 akudutsana. Iyi ndi buloko yathunthu. Kukanakhala kuti ndi 2:1, P imene ili kutsogolo kwa QRS ikanakhala pa mtunda umodzimodzi nthawi zonse, apa si choncho.

Onetsetsaninso kuti ma P ndi amene akuthamanga kuposa ma QRS. Nthawi zina zam'munsi zimangofulumira zokha nkupitirira zam'mwamba, P ndi QRS nkuoneka osagwirizana pomwe njira ili yotsegula, imeneyo si buloko yathunthu.

Mayi uja sakubwerera kunyumba. Kukomoka kuja mwina mtima unaima masekondi angapo kamalo kam'munsi kasanadzuke. Muyezeni kuthamanga kwa magazi, onani ngati akusokonezeka mutu, akubanika kapena akumva kuwawa pachifuwa, jambulani ECG yonse ya mbali 12 chifukwa mtsempha wodyetsa kunsi kwa mtima ukatsekeka umabweretsa buloko ndipo zimaonekera pa II, III ndi aVF, funsani mankhwala onse amene akumwa kuphatikizapo odontheza m'maso monga timololo amene anthu samawawerengera ngati mankhwala, ndipo yezani potaziyamu makamaka ngati impso zake nzofooka. Chikapezeka chochotseka ngati mankhwala kapena potaziyamu wokwera, buloko imatha kubwerera yokha chikakonzedwa. Chikapanda kupezeka, ndi QRS yotambalala ya 38 ngati imeneyi, akufunika pesimeka, ndipo poyembekezera amaikidwa yongogwirizira.