Mukaima kupempha gulu kuti likweze chosonkha cha pamwezi

Wapampando wa gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama akaimirira n'kunena kuti chosonkha cha pamwezi chikwere, anthu amakhala duu. Aliyense amakhala akuwerengera mumtima ndalama ya nyumba, ya sukulu ndi ngongole yomwe sanamalize kubweza. Woyankhulayo akayamba kukamba za umodzi ndi tsogolo lowala, anthu amawomba m'manja, koma mwezi wotsatira theka la gulu limabwera ndi ndalama yakale yomwe ija. Mawu amene amagwira ntchito pa msonkhano wotere ndi amene amayankha mafunso omwe membala wosayankhula uja akudzifunsa: ndiwonjezere zingati, ndalamayo ikakhala kuti, ndipo tsiku lomwe ndidzafune kutuluka ndidzaitenga bwanji?

Tiyerekeze gulu la anthu 20, aliyense amasonkha 10,000 pamwezi. Pamodzi ndi 200,000 pamwezi, pachaka 2,400,000. Gululi lakhala pa chosonkha chimenechi osasintha, ndipo komiti ikufuna chifike pa 15,000.

Poyambira pabwino ndi kusonyeza anthu kuti chosonkha chawo chatsika kale ngakhale nambala yake siinasinthe. Ngati mitengo ya zinthu yakwera ndi 20 pa 100 iliyonse chiyambireni kusonkha 10,000, katundu amene ankagulidwa pa 10,000 lero akufuna 12,000. Choncho kukweza chosonkha kufika pa 12,000 ndi kungobwerera pomwe gulu linali, palibe chomwe lawonjezera. Mfundo imeneyi imveke msanga, chifukwa ndiyo imafotokoza chifukwa chake nthawi yogawana ndalama anthu amalandira zambiri m'manja koma n'kukagula zochepa. Musatchule nambala ya kukwera mitengo yomwe simunaifufuze. Ndi bwino kufunsa mamembala eni ake mtengo wakale ndi watsopano wa zinthu ziwiri kapena zitatu zomwe onse amagula, n'kuwerengera pamaso pawo. Nambala imene yachokera pakamwa pawo saitsutsa.

Woyankhula anganene motere: "Amayi ndi abambo, 15,000 yomwe tikupemphayi ili pawiri. Gawo loyamba, 12,000, likhala m'thumba lathu la ngongole monga mwa nthawi zonse, ndipo likungobwezeretsa mphamvu yomwe ndalama yathu yataya. Gawo lachiwiri, 3,000, lipita m'thumba latsopano lomwe sitibwereketsana, koma tikaliika kunja kuti litibweretsere phindu. Tonse 20 tikapereka, ndi 60,000 pamwezi, ndipo pakutha pa miyezi 12 ndi 720,000."

Funso lomwe limabwera nthawi yomweyo ndi lakuti, bwanji osangoika zonse m'thumba la ngongole, poti chiwongoladzanja chathu chimaposa cha kubanki? Funsoli ndi lanzeru, ndipo woyankhula asalizembe. Chiwongoladzanja chomwe mamembala amalipira pa ngongole za gulu chimachokera m'matumba mwawo momwemo. Ngati wobwerekayo wachitira ndalamayo bizinesi yomwe yapindula, ndiye kuti ndalama yatsopano yalowadi m'gulu kudzera mwa iye. Koma ngati wabwereka chifukwa chokakamizidwa, n'kuidya, ndiye kuti gulu langosamutsa ndalama kuchoka kwa membala wina kupita kwa mnzake, ndipo kawirikawiri imachoka kwa wosauka kupita kwa wa masheya ambiri. Thumba la ngongole lili ndi malire ake, omwe ndi kuchuluka kwa ndalama zimene mamembala angathe kubwereka n'kubweza popanda kupsinjika.

Zizindikiro zoti gulu lafika pa malire amenewa zili m'buku la mlembi. Ndalama zimatsala m'bokosi misonkhano itatu kapena inayi yotsatizana popanda wozifuna. Komiti imayamba kunena kuti aliyense atenge ngongole, afune asafune, kuti ndalama isagone. Anthu ena amabweza ngongole lero n'kubwerekanso lero lomwelo ndalama yokulirapo, ndipo ena amalipira chiwongoladzanja chokha mwezi ndi mwezi, ngongole yeniyeni osaikhudza. Wapampando akawerenga manambala a ndalama zotsala m'bokosi pa misonkhano yapitayi, osatchula dzina la munthu, wafotokoza chifukwa chopitira kunja kuposa mawu ena alionse. Ngati m'buku mulibe zizindikiro zimenezi, ndipo anthu akuchita kulimbirana ngongole n'kumabweza bwino, gulu limenelo likweze chosonkha koma lisafulumire kutulutsa ndalama kunja.

Tsopano za komwe ndalamayo ipite. Apa ndi pomwe magulu ambiri amagwera, chifukwa woyankhula amafuna chinthu chooneka ndi maso, monga galimoto yonyamula anthu kapena sitolo ya gulu. Zinthu zotere zimakoka mitima pamsonkhano, koma zimafuna munthu mmodzi woziyang'anira tsiku ndi tsiku, ndipo anthu 19 otsalawo amangomva zomwe iye wanena. Galimoto ikawonongeka, gulu limasonkhanso. Membala akafuna kutuluka, simungamudulire chidutswa cha galimoto. Ine ndimalangiza kuti chaka choyamba ndalama ipite kokha komwe mtengo wake umalembedwa pa pepala lochokera kunja kwa gulu, ndipo komwe tsiku loitenga limadziwika. Zitsanzo ndi akaunti ya kubanki yosungitsa ndalama kwa nthawi yoikika, monga miyezi itatu, isanu ndi umodzi kapena 12, ngongole zazifupi zomwe boma limatenga kwa anthu, zomwe m'maiko ambiri zimakhala za masiku 91, 182 kapena 364, ndiponso thumba loyendetsedwa ndi kampani yokhala ndi chiphaso, yomwe imasonkhanitsa ndalama za anthu ambiri n'kuziika m'malo osiyanasiyana.

Chilichonse mwa izi chili ndi polakwika pake, ndipo mawu achilungamo amatchula zimenezo. Ndalama ya nthawi yoikika mukaitenga nthawi isanakwane mumataya chiwongoladzanja, china kapena chonse. Phindu limadulidwa msonkho m'maiko ambiri, ndipo makampani oyendetsa matumba amadula malipiro awo, kotero funsani nambala yotsala zonsezi zitachotsedwa. Mtengo wa thumba lomwe lili ndi masheya a makampani umatha kutsika. Ndipo ngati chiwongoladzanja chili pansi pa kukwera kwa mitengo, ndalama ikutayabe mphamvu, kungoti pang'onopang'ono poyerekeza ndi yogona m'bokosi. Woyankhula asalonjeze nambala ya phindu yomwe ilibe pa kalata ya banki kapena ya kampaniyo. Wina akabwera ndi malo omwe akuti ndalama imachulukitsidwa kawiri m'miyezi yochepa, makamaka ngati akuti mubweretse anzanu kuti mulandire zambiri, gulu likane. Chiphaso cha kampani chitsimikizidwe ku bungwe loyang'anira zachuma m'dziko lanulo, chithunzi cha pa foni sichokwanira.

Gawo lomwe oyankhula ambiri amalidumpha, pomwe ndilo limathetsa mantha, ndi la mmene gawo la munthu aliyense lidzawerengedwere. Njira yosavuta ndi ya masheya. Pa chiyambi sheya imodzi ikhale 1,000, ndiye kuti wopereka 3,000 amagula masheya atatu pamwezi. Onse akapereka mokhulupirika kwa miyezi 12, aliyense ali ndi masheya 36, ndipo gulu lonse lili ndi 720. Tiyerekeze kuti pofika nthawi imeneyo thumba lonse, kuphatikiza phindu ndipo zodula zonse zitachotsedwa, lili pa 792,000. Mukagawa 792,000 ndi masheya 720, sheya imodzi yafika pa 1,100. Membala amene akutuluka ndi masheya ake 36 alandira 39,600. Watsopano amene akulowa agule sheya pa 1,100, kutanthauza kuti masheya atatu amutengera 3,300. Mukamugulitsa pa 1,000 yakale, mwamupatsa gawo la phindu lomwe sanalivutikire, ndipo ndewu zambiri za m'magulu zimayambira pomwepa. Nambala ya 792,000 ndi yongophunzitsira kawerengedwe, ndipo woyankhula anene zimenezo momveka, kuopa kuti wina angaitenge ngati lonjezo.

Masheya amathetsanso vuto la amene sangakwanitse 3,000. M'gulu lililonse muli anthu omwe 15,000 ndi yolemetsa kwenikweni, ndipo sanena poyera chifukwa cha manyazi. Amavomera pamsonkhano, kenako amayamba kujomba, kapena amabwereka m'thumba la ngongole kuti alipire chosonkha, chomwe ndi chizindikiro choipitsitsa choti mwakweza mopitirira. Lolani kuti munthu agule sheya imodzi mpaka zisanu pamwezi monga angathere. Malire a pamwambawo ndi ofunika kuti anthu awiri kapena atatu a ndalama zambiri asakhale eni thumba lonse. Pa kuvota, munthu aliyense akhale ndi voti imodzi posatengera masheya ake. Kukwera kwa gawo la ngongole nako kungathe kubwera pang'onopang'ono, mwachitsanzo 11,000 kwa miyezi itatu, kenako 12,000.

Asanakhale pansi, woyankhula afotokoze chitetezo cha ndalamayo mwachidule. Akaunti ikhale m'dzina la gulu, zomwe nthawi zambiri zimafuna malamulo olembedwa, mndandanda wa mamembala ndi zolemba za msonkhano womwe unagwirizana zotsegula akauntiyo. Isakhale m'dzina la wapampando kapena msungichuma ngakhale akhale wokhulupirika chotani, chifukwa iye akamwalira kapena akakhala ndi ngongole zake, ndalamayo imaoneka ngati yake. Osainira akhale atatu osakhala pachibale, ndipo awiri asaine pa ndalama iliyonse yotuluka. Pepala la kubanki losonyeza ndalama zomwe zilimo liziyenda m'manja mwa mamembala pa msonkhano uliwonse, ndipo munthu yemwe si wa komiti azilifananiza ndi buku la mlembi. Wofuna kutuluka azidziwitsa gulu kudakali miyezi itatu kuti atuluke, kuti malipiro ake agwirizane ndi nthawi yomwe ndalama ikukhwima. N'chifukwa chake si bwino kutsekera 720,000 yonse malo amodzi kwa miyezi 12. Igaweni m'zigawo zokhwima nthawi zosiyana, kuti miyezi itatu iliyonse pakhale gawo lomwe latseguka. Membala aliyense alembetsenso dzina la munthu wodzalandira masheya ake iye akadzamwalira.

Mawu onsewa asapitirire mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, ndipo manambala alembedwe pa pepala lalikulu loti onse aone. Musapemphe voti tsiku lomwelo. Anthu ambiri amayenera kukakambirana ndi a kunyumba kwawo, ndipo wovomera asanafunse ndi amene amadzabwerera m'mbuyo mwezi wachiwiri. Womalizira anganene kuti: "Tengani pepalali, mukalione ndi a kunyumba. Pa msonkhano wamawa tidzavota mwachinsinsi, ndipo pokhapokha magawo awiri mwa atatu a ife atavomera ndi pomwe tidzasinthe malamulo." Pa gulu la anthu 20, ndiye kuti pakufunika mavoti 14. Akapanda kukwana, amene akufuna angathe kuyamba thumba la masheya paokha, ndi buku lake ndi akaunti yake, popanda kukhudza ndalama za otsalawo.